Kamuvi ka mausi ndi menyu ya batani lakumanja: kujambula sikirini popanda kuvutika

Ndikukonza malangizo a anzathu atsopano ku ofesi yathu ku Area 4. Ndikatsegula menyu ndi batani lakumanja la mausi, imatsekeka ndisanaijambule. Ndichite bwanji?

Menyu imeneyi imangokhala pamaso podikira kuti musankhepo chinthu. Mukadina pena paliponse, ngakhale pa Snipping Tool, Windows imaona ngati mwasintha maganizo ndipo imaitseka. Batani la Alt nalonso limaitseka, n'chifukwa chake Alt+PrtScn sikuthandizani pano.

Chofunika ndi kutchera nthawi. Tinene kuti mukufuna kuwaonetsa kapanikizidwe ka foda ya malisiti pa Windows 10. Tsegulani Snipping Tool, pa Delay musankhe 5, kenaka dinani New. Tsopano muli ndi masekondi 5. Dinani fodayo ndi batani lakumanja, ikani kamuvi pa Send to mpaka kamenyu kachiwiri katuluke pambali, kokhala ndi Compressed (zipped) folder, ndipo chotsani dzanja pa mausi. Nthawi ikakwana sikirini imauma n'kuchita mbuu, mamenyu onse awiri ali chitsegukire, inu n'kudula mbali yomwe mukufuna.

Pa Windows 11 mumasankha masekondi 3, 5 kapena 10. Ine ndimati 3 ndi ochepa kwa munthu wogwiritsa ntchito chala pa laputopu. Tengani 10 ngati mukuyenera kudutsa kaye pa Show more options. Ndipo fodayo muiike poonekera musanadine New, chifukwa nthawi yambiri imathera poifunafuna.

Palibe yachidule?

Ilipo. Menyu ili chitsegukire, dinani batani la Windows pamodzi ndi PrtScn. Sikirini imathima pang'ono, chithunzi n'kusungidwa mu Pictures, foda ya Screenshots. Malaputopu ena amafuna muwonjezere Fn. Kuipa kwake, imatenga sikirini yonse, mayina a mafayilo ena ndi makalata otsegula zomwe. Dulani musanaponye pagulu la WhatsApp la kuntchito.

Menyu yatuluka bwino, koma kamuvi sikakuoneka pachithunzi. Kompyuta yanga yavuta?

Ayi, ili bwinobwino. PrtScn ndi Snipping Tool sizitenga kamuvi, ndipo mulibe poti mungayatse kuti katuluke. Windows imakajambula pamwamba pa zinazo, pakokha, ndiye zida zimenezi zimakasiya.

Musanathamangire pulogalamu ina, yang'anani chithunzicho. Mzere umene kamuvi kanali umakhala utasintha kale mtundu, ndipo pa menyu zimenezo zimakwana kuonetsa podina. Ngati sizikukwana, zungulizani malowo ndi cholembera chofiira cha mu Snipping Tool momwemo. Papepala losindikiza lakuda ndi loyera, ngati amene timachulukitsa m'mashopu a ku Old Town, mzere wokhuthala umaoneka bwino kuposa kamuvi kakang'ono koyera.

Kamuvi kamafunikadi pamene maonekedwe ake ndiwo nkhani. Mwachitsanzo mu Excel, mukaika mausi pamalire a madanga awiri, kamasanduka mzere wa mivi iwiri, ndipo wophunzira ayenera kuona zimenezo kuti adziwe kuti wafika poyenera kukoka. Apa tengani Greenshot, yomwe ndi yaulere, muchonge Capture mousepointer m'makonzedwe ake. Ubwino wake, kamuviko kamabwera pakokha m'chikonzero cha zithunzi: kakaphimba mawu, mumakasuntha kapena kukafufuta. ShareX nayonso ili ndi Show cursor in screenshots. Koma ngati kompyuta ndi ya kuntchito, funsani kaye oyang'anira makompyuta, poti maofesi ena salola kulowetsa mapulogalamu mwa inu nokha.

Kwa ine n'zosiyana. Kamuvi kakumatuluka pachithunzi chilichonse, kakuphimba manambala.

Ndiye kuti mukugwiritsa ntchito imodzi mwa mapulogalamu tatchulawa. Chotsani kachongi kaja basi. Chithunzi chikasungidwa kale ngati PNG kapena JPG, kamuviko kamakhala katalowa m'chithunzi, ndipo manambala omwe kaphimba sangabwerenso. Kujambulanso n'kwachangu kuposa kulimbana nako.

Ife a Mac bwanji, achimwene?

Inu zanu n'zopepuka. Shift+Command+5, kenaka Options: muli Show Mouse Pointer komanso nthawi ya masekondi 5 kapena 10. Pofuna menyu yokhayokha, itseguleni, dinani Shift+Command+4, kenaka Space, kamuvi kasanduke kamera, n'kudina pamenyupo.

Nanga Ubuntu?

Ngati pulogalamu ya gnome-screenshot ilimo, lembani mu Terminal:

```
gnome-screenshot -p -d 5
```

`-p` ndiye akutenga kamuvi, `-d 5` ndi masekondi odikira. Mukasiya `-p`, menyu ituluka yopanda kamuvi.