Puloti sidikira kuti mumalize kusunga ndalama

"Ndisunge kaye, ndidzagule pakashi, zangongole zimadula." Mawu awa amveka mokwanira, ndipo ambiri owanena sanakhalepo pansi ndi cholembera.

Tiyerekeze puloti ya K6 miliyoni pakashi. Mukafuna kulipira pang'onopang'ono akuti K7.8 miliyoni: dipoziti K1.8 miliyoni, kenako K250,000 pamwezi kwa miyezi 24. Anthu amangoona K1.8 miliyoni yoonjezerayo n'kuthawa. Koma wosunga uja, amene ali ndi K1.8 miliyoni yofanana ndi dipoziti ija ndipo akuika K250,000 pamwezi, akuthamangitsa mtengo woyenda. Malo akamakwera ndi 25 peresenti pachaka, chaka chikamatha puloti ili pa K7.5 miliyoni, iye ali ndi K4.8 miliyoni. Chachiwiri chikamatha ili pa K9.4 miliyoni, iye ali ndi K7.8 miliyoni, ndalama yomwe mnzake wolipira pang'onopang'ono wamaliza nayo kulipira. Chiwongoladzanja cha kubanki chimachepetsako mpatawu, koma pa akaunti wamba sichingautseke.

Pachitsanzo ichi malire ali pa 14 peresenti pachaka. Malo akamakwera mochepera apo, wosunga ndiye wapindula. Ndiye funsani oyandikana nawo kuti anagula zingati zaka ziwiri zapitazo. Pafupi ndi tauni, kumene kwafika msewu, madzi ndi magetsi, mtengo umathamanga. Kutchire kopanda chilichonse umatha kuima. Musaiwalenso kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Koma masamu onsewa agona pa chinthu chimodzi: mtengo ukhale wotsekedwa papepala. Ngati mgwirizano ukunena kuti wogulitsa angasinthe mtengo kwacha ikagwa, kapena mtengowo wamangidwa ku dola, phindu lija latha, musasaine. Werenganinso zomwe zidzachitike mukadumphitsa miyezi iwiri kapena itatu. Ena amalanda puloti n'kubweza ndalama atadulako gawo lalikulu.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi munthu wolipira mokhulupirika miyezi 20, kenako n'kupeza wina akukumba maziko pamalo pake. Kawirikawiri umwini susintha mpaka mutamaliza kulipira, choncho zaka ziwiri zonsezo malo ali m'dzina la wogulitsa. Angathe kuwagulitsanso kapena kuwapereka chikole kubanki. Madobadoba amadziwa bwino mpata umenewu.

Musanapereke dipoziti, tengani nambala ya chikalata chaumwini mukafufuze ku ofesi ya zamalo ngati dzina ndi la wogulitsayo komanso ngati palibe ngongole pamalopo. Khonsolo itsimikize kuti inavomereza kudula mapuloti. Pitani ndi saveya akakuonetseni mabikoni enieni, osati chitsa chomwe wakulozerani mnyamata wa wogulitsa. Ngati malowo ndi olembetsedwa, loya akuikireni chenjezo m'kaundula kuti asagulitsidwe inu osadziwa. Ndalama zidutse kubanki, ku akaunti ya dzina lomwe lili pamgwirizano, ndipo lisiti lililonse likhale ndi nambala ya puloti yanu.