Kulembera mtolankhani imelo ya katundu watsopano: mafunso ndi mayankho

"Tayamba kupanga makala a makoko a mtedza ku Mchinji. Ndinatumiza imelo kunyuzipepala zitatu, onse angoti zii. Ndinalakwitsa pati?"

Ndikuganiza kuti munatumiza malonda m'malo mwa nkhani. Mtolankhani akaona mawu ngati "katundu wapamwamba, wotsika mtengo", amadziwa kuti zimenezo nza ku ofesi yotsatsa malonda, komwe malo amalipiritsa. Iyenso ali ndi mkonzi pamwamba pake amene amufunse kuti chatsopano nchiyani, ndipo chikukhudza ndani. Imelo yanu imupatse yankho loti akanene kumeneko.

Makala anuwo ali nayo nkhani. Lamulo la za nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, kuotcha makala opanda chilolezo kuli ndi chilango chachikulu, koma mabanja ambiri m'tauni akuphikirabe pambaula. Nanga makoko aja, si omwe alimi amangotaya kapena kutentha akatha kusenda? Apa ndiye poyambira. Dzina la kampani libwere pambuyo.

"Ndilembere ndani kwenikweni?"

Munthu mmodzi, pomutchula dzina. Gulani The Nation kapena The Daily Times kwa sabata imodzi, muone amene amalemba za bizinesi kapena za chilengedwe. Dzina lake limakhala pamwamba pa nkhani. Kumeneko mulembe m'Chingerezi. Ngati makasitomala anu amamvera Zodiak kapena MBC, kapena amawerenga Fuko ndi Tamvani, Chichewa chili bwino. Musaiwale mtolankhani wa MANA, nthambi ya boma yotola nkhani, amene ali paboma panu pomwepo: iye kufika pamalo anu sikumuvuta.

Chimodzi chokha musachite: kuunjika atolankhani makumi awiri pa Cc. Aliyense akaona kuti anzake alandiranso, chidwi chimatha.

"Nanga m'kati mwake ndilembemo zotani?"

Mutu ndi umene umachititsa kuti imelo itsekulidwe. Pa Subject pasakhale "Pempho" kapena "Moni". Pakhale nkhaniyo: "Alimi a ku Mchinji ayamba kugulitsa makoko a mtedza opangira makala". Tiyerekeze kuti zinthu zili chonchi kwanuko, imelo yonse ingakhale iyi:

"Zikomo mayi, ndinawerenga nkhani yanu ya kukwera mtengo kwa makala. Ife kuno ku Mchinji tikuumba makala kuchokera ku makoko a mtedza, ndipo Lachisanu likubwerali tiyamba kugulitsa ku Lilongwe. Makoko timagula kwa alimi 40 omwe kale ankangowatentha. Awiri mwa iwo avomera kuyankhula nanu, komanso mayi wina wophika mandasi amene wayesa makalawa kwa mwezi wathunthu. Zithunzi ziwiri ndaika pansipa. Mukafuna kudzaona, makina amagwira ntchito m'mawa uliwonse. Nambala yanga ndi iyi."

Taonani kuti mulibe mbiri ya mmene munavutikira poyamba; imeneyo adzakufunsani yekha. Muli tsiku, malo, chiwerengero chimodzi choti angathe kuchitsimikiza, ndi anthu ena oyankhula osakhala inu. Anthu amenewa ndiye chuma cha imeloyi, chifukwa nkhani ya munthu mmodzi wotama katundu wake mkonzi sailola. Muwapemphe kaye musanawatchule. Mtengo wa thumba muulembemonso, ndipo ngati simunayeze bwinobwino, musalembe kuti makala anu "amayaka kawiri kuposa amtengo". Akakufunsani kuti anayeza ndani, musowa chonena. Chimodzimodzi ndi chiphaso cha Malawi Bureau of Standards: kupereka fomu si kulandira chiphaso, nenani pomwe mwafika.

Mawu onse akhale m'imelo momwemo, osati mu PDF yoti achite kutsitsa, poti ambiri amawerengera pafoni. Zithunzi zikhale za JPG, zowala, zoonetsa anthu ali pantchito, ndipo mulembe mayina awo ndi wojambula.

"Nditumize liti, ndipo ndikumbutse kangati?"

M'mawa, kutatsala masiku anayi kapena asanu kuti tsikulo lifike. Madzulo amakhala akuthamangitsana ndi nthawi yotseka nyuzipepala. Pakapita masiku awiri, kumbutsani kamodzi pa imelo yomweyo kapena pafoni. Akapanda kuyankhabe, pitani kwa wina.

"Anzanga akuti popanda chimpondamthengo nkhani situluka."

Mchitidwewu ulipo, sindikana, koma malamulo a ntchito ya utolankhani, omwe Media Council of Malawi imayang'anira, salola kulandira ndalama kuti nkhani ituluke. M'imelo musatchulemo ndalama ngakhale pang'ono. Mtolankhani wodzilemekeza mumunyoza nazo. Ngati mukufuna mawu anu atuluke monga mwalembera, pamodzi ndi nambala ya foni, gulani malo otsatsira malonda. Nkhani yaulere mwini wake ndi mkonzi: angaidule, angafunsenso opikisana nanu kapena a nthambi ya za nkhalango, ndipo sakutumizirani kuti muione isanatuluke. Dzina kapena chiwerengero chikalakwika, lembani tsiku lomwelo, mwaulemu, kupempha kuti akonze.