Anajambula ndani chithunzi cha ku Innocenti?

Anthu ambiri akaima pamaso pa chithunzi chakale cha ku Italy amafunsa dzina la wojambula, ndipo akalimva amaganiza za munthu mmodzi amene anadzitsekera m'chipinda n'kutulutsa zimene zinali mumtima mwake. Kaganizidwe kameneka kanabwera mochedwa. M'zaka za m'ma 1400, mu mzinda wa Florence, chithunzi chinkayamba ndi mgwirizano wolembedwa pakati pa wolipira ndi mmisiri, ndipo mwamwayi wina mwa migwirizano imeneyi udakalipo.

Mu 1485, mkulu woyang'anira Spedale degli Innocenti, nyumba yolereramo ana otayidwa, anapangana ndi Domenico Ghirlandaio kuti ajambule chithunzi cha paguwa chosonyeza anzeru a kum'mawa akugwadira mwana Yesu. Nkhani ya chithunzicho sanasankhe ndi wojambula, ndipo mgwirizanowo unanena kuti atsatire chojambula cha papepala chimene anali atagwirizana kale. Anapatsidwa miyezi 30, malipiro anali ndalama za golide zotchedwa mafulorini zokwana 115, ndipo akachedwa anayenera kulipa mafulorini 15. Ngakhale mtengowo sunali wotsimikizika, pakuti ntchito ikatha inayenera kuunikidwa kaye ngati inalidi yoyenera ndalamazo.

Mfundo imene imadabwitsa owerenga a masiku ano ndi yokhudza utoto wabuluu. Mgwirizanowo unalamula kuti utoto umenewu ukhale wa mtengo wa pafupifupi mafulorini anayi pa aunsi imodzi, yomwe ndi pafupifupi magalamu 28. Utoto wapamwambawu unkapangidwa popera mwala wotchedwa lapis lazuli, umene unkakumbidwa kumapiri a Afghanistan ndi kudutsa m'manja mwa amalonda ambiri usanafike ku Italy. Panali utoto wina wabuluu wotchipa, wochokera ku mwala wa mkuwa, umene nthawi zina umasanduka wobiriwirako kapena kuda pakapita zaka, choncho wolipira ankadziteteza polemba mtengo wake, monga momwe womangitsa nyumba amanenera mtundu wa simenti asanapereke ndalama.

Utoto womwewu ndi umene ukutithandiza kumvetsa bungwe la amisiri. Ojambula a ku Florence analibe bungwe laolao, koma anali m'bungwe la madokotala ndi ogulitsa mankhwala, Arte dei Medici e Speziali, makamaka chifukwa zopangira utoto ankazigula m'masitolo a mankhwala. Bungwe lotere linkalemba m'kaundula amisiri ovomerezeka, kuika malamulo a ntchito ndi kuweruza milandu ya mamembala ake.

Mgwirizanowo unanenanso kuti Ghirlandaio ajambule ndi dzanja lake. Mawu amenewa ndi umboni wakuti aliyense ankadziwa kuti zinthu sizinkayenda choncho nthawi zonse, chifukwa palibe amene amalemba lamulo pa chinthu chimene sichingachitike mwanjira ina. Malo ake ogwirira ntchito anali bizinesi ya banja, momwe munali abale ake Davide ndi Benedetto, amisiri olembedwa ntchito ndi anyamata ophunzira. Mnyamata ankayamba ndi kupera utoto pamwala ndi kukonza maburashi. Kenako ankaphunzira kupaka matabwa chosakaniza cha ufa woyera wa mwala wa jipisamu ndi guluu wa zikopa, kangapo konse, n'kupala mpaka pasalale. Ntchito imeneyi ikachitidwa mothamanga, utoto umang'aluka n'kumasupuka. Ankaphunziranso kusakaniza utoto ndi chikasu cha dzira, chimene chimauma msanga ndipo chimafuna kupaka timizere ting'onoting'ono. Atazolowera kukopera zojambula za mbuye wake, m'pamene ankaloledwa kupenta zovala, nyumba kapena mapiri a kumbuyo, pomwe nkhope za anthu ofunika kawirikawiri zinkasiyidwira mbuyeyo.

Cholinga cha maphunziro onsewa chinali chakuti dzanja la wophunzira lisasiyane ndi la mbuye, ndipo n'chifukwa chake akatswiri a lero amavutika kulekanitsa manja. Amayang'ana tizinthu timene wojambula amachita mosaganizira, monga kapindidwe ka khutu, zala ndi makwinya a nsalu, komanso amagwiritsa ntchito kuwala kodutsa utoto kuti aone mizere yoyamba ya pansi. Pa chithunzi cha ku Innocenti, chimene chinatha mu 1488, tizithunzi ting'onoting'ono ta m'munsi mwake tinajambulidwa ndi Bartolomeo di Giovanni, ndipo zimenezi sizinkaonedwa ngati chinyengo ayi. Dzina la Ghirlandaio linkatanthauza kuti iye ndiye wakonza maonekedwe onse ndipo ndiye adzayankha ngati ntchito yalakwika.

Chaka chomwecho cha 1488, mnyamata wa zaka 13 anaperekedwa ndi bambo ake kwa Ghirlandaio pa mgwirizano wa zaka zitatu. Mnyamatayo anali Michelangelo, amene mibadwo yotsatira inam'sandutsa chitsanzo cha munthu wobadwa ndi luso losafuna mphunzitsi. Iye mwini atakalamba ankachepetsa zimene anaphunzira kumeneko, koma Giorgio Vasari, wojambula ndi wolemba mbiri za amisiri, polemba mbiri ya moyo wa Michelangelo mu 1568, anasindikiza mawu a mgwirizano wa uphunziwo, pamodzi ndi malipiro amene mnyamatayo ankayenera kulandira chaka chilichonse.