Mapu osafuna deta: musaiwale pakati pa ulendo

Ambiri amaganiza kuti netiweki ikathawa, foni imasiya kudziwa pamene ili. Si choncho. Kadontho kabuluu kamene kamaonetsa pomwe muli kamadalira GPS, imene imangomvera masetilaiti omwe ali m'mwamba pafupifupi makilomita 20,200. Foni ikagwira anayi kapena kuposerapo, imadziwerengera yokha malo, osadya deta ngakhale pang'ono. Chomwe chimamaliza bandulo ndi mapuwo: misewu, mayina a malo ndi kupeza njira. Zimenezi ndizo muzisungiratu mufoni musananyamuke, pamene pali intaneti yabwino.

Tinene kuti muli ndi ulendo wa makilomita 300. Mu Google Maps, dinani kachithunzi kanu pamwamba, kenako Offline maps, ndiye Select your own map. Pabwera bokosi, ndipo foni isunga zokhazo zimene zili mkati mwake. Apa m'pamene anthu amalakwitsa. Amasunga tawuni imene akuchokera ndi imene akupita, n'kusiya pakati, chikhalirecho pakatipo ndi pamene netiweki imavuta. Komanso msewu suyenda mowongoka. Ngati ukukhota kuzungulira phiri n'kutuluka m'bokosimo makilomita 20 okha, foni ilephera kulumikiza njira yonse. Choncho yambani mwaona mmene msewu ukudutsira. Bokosi limodzi likachepa, sungani awiri kapena atatu olowana m'mphepete, ndipo musiye malo okwanira mbali zonse poopa kuti mwina mudzapatutsidwa panjira.

Mukatero, yesani muli pakhomo. Yatsani Airplane mode koma Location ikhale yoyaka, lembani kumene mukupita, mupemphe njira. Ikatuluka mpaka kumapeto, zatheka. Ikakana, kapena mukakulitsa mapu n'kupeza pena misewu ing'onoing'ono ndi mayina palibe, pamenepo ndiye pali mpata wosasungidwa.

Ine pa maulendo otere ndimakonda mapulogalamu ena a mapu, Organic Maps kapena OsmAnd, chifukwa amasunga dziko lonse kapena chigawo chathunthu nthawi imodzi. Amaperekanso njira za wapansi ndi wapanjinga, pamene Google Maps yopanda intaneti imapereka za galimoto zokha. Mapu a mapulogalamu awiriwa amachokera ku OpenStreetMap, yojambulidwa ndi anthu ongodzipereka, n'chifukwa chake madera ena ali ndi tinjira tonse pamene ena misewu ikusowa.

Koma dziwani kuti mapu osungidwa amaonetsa zinthu mmene zinalili tsiku limene anakonzedwa. Sangadziwe kuti mlatho wakokoloka dzulo. Akakulozerani njira yachidule yafumbi nthawi yamvula, funsani madalaivala amene akuchokera kumeneko.

Ndipo mukayatsa GPS kutchire popanda netiweki, kadontho kakhoza kuchedwa mphindi zingapo. Foni sinawonongeke: ikutolera yokha uthenga wa masetilaiti umene ikanaupeza msanga pa intaneti. Iikeni pafupi ndi windo kapena tulukani nayo panja pomwe kumwamba kukuoneka bwino, mudikire pang'ono.