Kufewetsa malangizo a Thanzi ORS osataya sitepe

Ntchito yanga ndi yolemba timapepala ta zaumoyo, ndiye ndikuuzeni zomwe zinandichitikira ndi ndime ya Thanzi. Yoyambirira inali chiganizo chimodzi chachitali, mawu akuchipatala okhaokha: sungunulani paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, mwana wochepera zaka 2 amwe mamililita 50 mpaka 100 nthawi iliyonse akachita chimbudzi chamadzi, otsala atayidwe pakatha maola 24. Zoona zonse, koma mayi amene analekezera sitandade 4 aiwerenga bwanji usiku mwana akulira?

Ine mofulumira ndinadula nkulemba kuti "thirani paketi m'madzi aukhondo, mwetsani mwana". Yaifupi, yokoma. Titakayesa kumudzi mayi wina anang'amba paketi yonse nkukhuthulira mukapu ya tiyi, ndipo sanalakwe iwo ayi, anachita zomwe ndinalemba. Madzi akachepa chonchi mchere umachuluka ndipo ukhoza kumupweteka mwana yemwe tikufuna kumupulumutsayo. Mawu ovuta ndinachotsadi koma lita inapita nawo limodzi.

Panopa ndisanasinthe liwu lililonse ndimayamba ndadula mzere pansi pa nambala iliyonse ndi chochita chilichonse, zimenezo sizichoka zivute zitani. Chomwe chimasintha ndi kanenedwe. Lita anthu ambiri sayiona m'maso, ndiye timati botolo la madzi ogula la 500 ml lodzadza kawiri. Anzanga ena amakonda kunena mabotolo atatu a kokakola, koma lagalasi lija ndi la 300 ml, atatu akukwana 900 basi, ndiye ine ndimakana ngakhale amati ndimalimbalimba. Kapu nayonso ndi msampha poti makapu samafanana, bola kujambula kapu yake papepalapo ndi mzere pomwe madzi alekezere.

Dongosolo nalo, chiganizo chimodzi chinthu chimodzi, motsatana mmene manja achitire. Sambani m'manja ndi sopo. Wiritsani madzi. Adikireni azizire. Kenako yezani. Mukalemba kuyeza patsogolo kuwiritsa pambuyo, ena aphwera pamoto ndipo lita ija siikwananso. Mwana akasanza dikirani mphindi 10 muyambirenso pang'onopang'ono ndi supuni, mzere umenewu anthu amaudula poti pepala ladzadza, chonsecho ndi pomwe amayi ambiri amagwa ulesi nkusiya kumwetsa.

Za maola 24 zija tinalemba kuti mukasungunula m'mawa uno, mawa m'mawa otsalawo tayani musungunule paketi ina.

Poyesa musafunse kuti "mwamva mayi?" chifukwa mwaulemu ayankha kuti eya. Apatseni paketi, botolo ndi jagi, inu khalani chete muziona manja awo. Ulendo wachiwiri mayi wina anadzadza botolo kamodzi nkuima kundiyang'ana, ndinabwerera kuofesi kukalemba KAWIRI m'zilembo zikuluzikulu ndi kujambula mabotolo awiri pambali pake.