Nambala ya zaka za moyo ija si tsiku la maliro anu

Mawu awa ndatopa nawo kuwamva, pa wailesi, m'mikangano ya pa foni, ngakhale kwa anthu oti sukulu anapita: "Kale Amalawi ankafa ali ndi zaka 45." Wina nde amayankha mokwiya kuti bodza limenelo, agogo ake anafika zaka 90 akulimabe okha. Onse awiriwa akulimbana ndi nambala yomwe sanaimvetse. Ine ntchito yanga ndi yowerengera anthu, kubadwa kwawo ndi kumwalira kwawo, ndiye ndiloleni ndifotokoze komwe nambalayi imachokera chifukwa kusaimvetsa kukupweteketsa anthu.

Nambala imene imalengezedwa ija, yoti munthu akuyembekezeka kukhala zaka zakutizakuti, imatuluka mu tebulo lomwe timalitcha tebulo la moyo. Sitidikira kuti anthu obadwa chaka chimodzi afe onse kenako tiwerenge, tingadikire mpaka liti. Timatenga imfa za nthawi imodzi, mwachitsanzo chaka chatha, n'kuzigawa pa misinkhu: osakwana chaka, a chaka chimodzi mpaka zinayi, kenako magulu a zaka zisanuzisanu mpaka kwa okalamba. Pa gulu lililonse timagawa omwalira ndi chiwerengero cha anthu a msinkhu umenewo, kuti tidziwe kuti pa anthu olowa msinkhu umenewo ndi angati satulukamo amoyo. Tikatero timayerekeza makanda, nthawi zambiri 100,000 koma pano titenge 1,000 kuti masamu apepuke, n'kuwayendetsa m'misinkhu yonseyo, pa sitepe iliyonse tikuchotsa omwalira mpaka atatha onse. Zaka zonse zomwe gululo lakhala ndi moyo timaziponya m'thumba limodzi ngati ndalama za banki m'khonde, n'kugawana mofanana kwa onse 1,000 amene anayamba. Wosonkha zaka 80 ndi wosonkha masiku atatu onse amawerengedwa pogawa. Avereji imeneyo ndi imene timailemba e0. Tikagawa zaka zokhazo zomwe zatsala kutsogolo kwa ana amene akwanitsa zaka zisanu, n'kugawira iwo okhawo, timapeza e5.

Tiyeni tiwerengere limodzi ndi manambala athu enieni. Kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wotchedwa DHS wa 1992 anapeza kuti m'Malawi muno, pa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu, ndipo mwa amenewa pafupifupi 134 ankapita asanakwanitse n'chaka chomwe. Imani kaye pamenepo, pafupifupi mwana mmodzi pa anayi alionse. Ofika zaka zisanu anali 766.

Ana 766 aja aliyense wasonkha zaka zisanu zathunthu, zikukwana 3,830. Makanda 134 aja ambiri amamwalira m'masabata ndi miyezi yoyambirira, ndiye sitingawapatse theka la chaka aliyense, timawapatsa pafupifupi miyezi itatu kapena inayi, onse pamodzi zaka ngati 40 basi. Ana 100 otsalawo amene anamwalira pakati pa chaka chimodzi ndi zisanu, ambiri amapita ali ndi chaka chimodzi kapena ziwiri, nthawi yosiya bere ija pomwe malungo, kutsekula m'mimba ndi kunyentchera zimagwira kwambiri, tinene kuti onse pamodzi zaka 240. M'thumba muli zaka 4,110.

Tsopano tiyerekeze, ndipo iyi ndi nambala yongochitira chitsanzo, kuti mwana amene wafika zaka zisanu watsala ndi zaka 54 pa avereji, imeneyo ndiye e5 yathu. Ndiye 766 kuchulukitsa ndi 54 tikupeza 41,364. Kuphatikiza ndi 4,110 ija ndi 45,474, kugawa kwa makanda 1,000 amene anayamba ulendowu, zaka 45 ndi theka.

```
e0 = (4110 + 766 * 54) / 1000 = 45.5
```

Mwaona? Dziko lomwelo, chaka chomwecho, tebulo lomwelo. Khanda longobadwa kumene likuwerengeredwa zaka 45 ndi theka, koma mkulu wake wa zaka zisanu watsala ndi zaka 54, kutanthauza kuti pa avereji afika zaka 59. Anthu amadabwa, zingatheke bwanji kuti amene wadya kale zaka zisanu atsale ndi zambiri kuposa khanda loti silinadyepo n'tsiku lomwe. Zimatheka chifukwa wa zaka zisanuyo wawoloka kale pamalo oopsa kwambiri, ndipo ana 234 aja amene amakokera avereji pansi sali nawonso mu masamu ake. Ndipo 59 nayonso ndi avereji, mkati mwake muli ofa ali ndi 30 ndi ofika 85. Agogo anu a zaka 90 aja sakutsutsa tebulo ayi, alimo momwemo. Afunseni kuti anabadwa angati kwa mayi awo ndipo anakula ndi angati, yankho lake ndi limene likufotokoza 45 ija.

Chomwe ndimafunitsitsa kuti atolankhani ndi andale amve n'chakuti nambalayi ikakwera sizitanthauza kuti akuluakulu akukalamba kuposa kale. DHS ya 2015-16 inapeza kuti imfa za ana osakwana zaka zisanu zinatsika kufika pa 63 pa 1,000, za osakwana chaka 42. Ikani zimenezi mu masamu omwe aja, osasintha chilichonse kwa akuluakulu, 54 ija ikhale pomwepo. Ofika zaka zisanu tsopano ndi 937, zaka za ubwana m'thumba pafupifupi 4,745, ndipo 937 kuchulukitsa ndi 54 ndi 50,598. Zonse pamodzi kugawa kwa 1,000 tikupeza zaka 55 ndi pang'ono. Yakwera ndi pafupifupi zaka 10 popanda bambo kapena mayi wamkulu aliyense kuonjezerapo olo tsiku limodzi. Onaninso kuti pano e0 yapitirira e5, pomwe poyamba inali pansi pake. Kumayiko ngati Japan komwe ana omwalira asanakwane zaka zisanu ndi awiri kapena atatu pa 1,000, e5 imangokhala e0 kuchotsapo pafupifupi zisanu zija. Ndiye ndikaona manambala awiriwa moyandikana ndimadziwiratu mmene ana a dziko limenelo akukhalira. Kwathu kuno zoona zake n'zakuti zonse ziwiri zinasintha, chifukwa Edzi inagwetsa e5 kwambiri m'zaka za m'ma 1990, inkatenga anthu a zaka 25 mpaka 45, ndipo mankhwala otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa ulere mu 2004 inayamba kukweranso. Koma zimenezo umaziona ukayang'ana e5 kapena e15, zaka zotsala kwa amene wafika zaka 15, osati e0 yokha.

Tebulo lenilenilo silivuta, kompyuta imalimaliza m'kanthawi kochepa. Chovuta ndi manambala olowetsamo. Imfa zambiri kwathu kuno zimachitikira kunyumba ndipo sizilembedwa kulikonse, ndiye timadalira kufunsa. Pa kalembera, ngati wa 2018 uja, amafunsa za omwalira pakhomo m'miyezi 12 yapitayo, ndipo mu DHS amafunsa mayi mbiri ya mwana aliyense amene anabereka. Pali nkhani imodzi yomwe imandisowetsabe mtendere. Mayi wina titamufunsa ana ake anatchula atatu, mayina, zaka, zonse bwinobwino. Tili pafupi kumaliza, apongozi ake omwe ankasenda chinangwa chapafupi anangoti, "Nanga uja wa chaka cha njala?" Mayiyo anayang'ana pansi n'kuti, "Ameneyo sitiwerenga, sanatuluke n'chikuta momwe." Mwana anabadwa wamoyo, analira, anayamwa masiku angapo, koma analibe dzina, anakaikidwa ndi amayi okhaokha ngati mtayo, ndipo kwa mayi ake kumutchula kunali kutukula chilonda. Sindimuimba mlandu mayiyo m'pang'ono pomwe. Koma ndimaganiza za makomo ena onse omwe panalibe apongozi pafupi. Makanda 10 okha pa 1,000 akasowa chonchi, e0 imakwera ndi kupitirira theka la chaka, lipoti limaoneka bwino, ndipo ndalama zomwe zikanapita kwa azamba ndi ku chisamaliro cha makanda ongobadwa kumene zimapita kwina. Pa e5 sipasintha kanthu chifukwa ana amenewa sakhudza masamu ake.

Timadziwa bwanji kuti manambala ali ndi vuto? Tikaona kuti omwalira m'sabata yoyamba ndi ochepa modabwitsa poyerekeza ndi a mwezi wonse woyamba, timadziwa kuti ena sanatchulidwe. Tikaona mulu wa ana oti anamwalira ali ndi miyezi 12 ndendende pomwe pa 11 ndi 13 pali ochepa, ndiye kuti amayi amangoti "anali ndi chaka", ndipo ena amene anayenera kuwerengedwa ngati makanda adumphira gulu lina. Kwa okalamba nako zaka zimaunjikana pa 60, 70, 80, ndipo ambiri amadzionjezera, n'chifukwa chake nkhani za anthu a zaka 120 opanda chikalata chilichonse sitizilowetsa mu tebulo mwachisawawa.

Apa m'pomwe ndimakwiya ndi aja ogulitsa mankhwala m'mabotolo m'misika ndi m'mabasi. Amati makolo athu ankakhala zaka 100 chifukwa sankadziwa katemera kapena mapiritsi, ndiye inunso siyani za kuchipatala mumwe izi. Akukuonetsani opulumuka okhaokha, ana ambirimbiri amene anaikidwa asanayambe kuyenda sawatchula chifukwa palibe amene akuwaona. Chinatsitsa 234 kufika 63 si botolo la munthu ayi, ndi katemera wa chikuku, maneti, thanzi ORS, mankhwala a malungo ndi chibayo, kuchilira kuchipatala, sikelo. Mwana wosakwana zaka zisanu akatentha thupi, akamapuma mothamanga, akakana kuyamwa kapena akakomoka, musadikire kuti tione mawa, musayambire kwa asing'anga kenako kuchipatala patatha masiku atatu. Khanda la m'mwezi woyamba nde musachedwe olo maola ochepa, limatha kufooka usiku umodzi wokha.

Ndipo inu akuluakulu amene mumati "ndili ndi zaka 50, kwathu kuno anthu amathera pa 60 ndi zingapo, ndivutikirenji ndi mankhwala a kuthamanga kwa magazi," mwawerenga mzere wa khanda, si wanu umenewo. Tebulo lili ndi mzere wa msinkhu uliwonse, ndipo munthu amene wafika zaka 60 ngakhale m'mayiko osauka amakhala atatsala ndi zaka zoposa 10 pa avereji, kawirikawiri 15 kapena kuposerapo. Zaka zimenezo muzazifunira penshoni, maso oona ndi miyendo yoyenda. Kayezetseni magazi ndi shuga, ndipo mankhwala mukapatsidwa musamasiye chifukwa choti mutu wasiya kupweteka.