Valiyansi ya masheya atatu: mafunso ndi mayankho

Ndagawa ndalama zanga m'masheya a makampani atatu. Ndiwerengera bwanji valiyansi ya zonse pamodzi?

Valiyansi ndi muyeso wa mmene phindu limasinthasinthira. Mufunika zinthu ziwiri. Choyamba ndi vekita w, yosonyeza gawo la ndalama lomwe lili pa kampani iliyonse. Tinene kuti pa K1,000,000 mwaika K500,000 mu A, K300,000 mu B ndi K200,000 mu C. Ndiye kuti w = (0.5, 0.3, 0.2), ndipo mukaphatikiza zikwane 1.

Chachiwiri ndi matirikisi ya kovaliyansi, Σ. Manambala awa ndi ongophunzirira:

```
     A   B   C
A    4   1   2
B    1   9  -3
C    2  -3  16
```

Pamzere wopingasa, 4, 9 ndi 16 ndi valiyansi ya kampani iliyonse payokha, kutanthauza kuti phindu la A limasinthasintha ndi √4 = 2%, la B √9 = 3%, la C √16 = 4%. Enawo akuonetsa mmene makampani awiriawiri amayendera limodzi. Ya -3 ikuti B ikakwera, C kawirikawiri imatsika.

Njira yake ndi wᵀΣw. Yambani ndi Σw, kuchulukitsa mzere uliwonse ndi w:

```
4(0.5) + 1(0.3) + 2(0.2)  = 2.7
1(0.5) + 9(0.3) - 3(0.2)  = 2.6
2(0.5) - 3(0.3) + 16(0.2) = 3.3
```

Kenako chulukitsaninso ndi w: 0.5(2.7) + 0.3(2.6) + 0.2(3.3) = 2.79. Valiyansi ndi imeneyo, ndipo √2.79 ndi pafupifupi 1.67%.

Zatheka bwanji 1.67% pomwe A, yodekha kuposa zonse, ili pa 2%?

Simunalakwitse. Makampaniwa sagwa tsiku limodzi nthawi zonse, ndiye kugwa kwa ina kumaphimbidwa ndi kukwera kwa inzake. Akanati aziyenda ndendende ngati ng'ombe zapagoli, yankho likanakhala 0.5(2) + 0.3(3) + 0.2(4) = 2.7%. Mpata wa pakati pa 2.7 ndi 1.67 ndiye phindu la kugawa ndalama, mfundo imene katswiri wa zachuma Harry Markowitz analemba mu 1952.

Ine ndawerengera pamanja ndapeza 2.62. Ndaphonya pati?

Mwaiwala 2. Kovaliyansi iliyonse ili kawiri m'matirikisi, pamwamba ndi pansi pa mzere wopingasa. Zapamzerewo zimapereka 1 + 0.81 + 0.64 = 2.45. Za awiriawiri ndi 0.15 + 0.20 − 0.18 = 0.17, zomwe muyenera kuchulukitsa kawiri zikhale 0.34. Inu mwaphatikiza 0.17 yokha. N'chifukwa chake ine ndimakonda njira ya matirikisi, 2 ameneyu amalowa yekha.

Nanga mu Excel?

Σ ikakhala mu A1:C3, w mu E1:E3:

```
=SUMPRODUCT(E1:E3,MMULT(A1:C3,E1:E3))
```

Ikatuluka nambala yochepera 0, vuto lili m'matirikisi. Onani ngati kovaliyansi ina yapyola malire ake: ya B ndi C siingadutse 3 × 4 = 12 kapena kutsika pansi pa -12.